Nambala yosasintha ya intigiro

Nambala yosasintha ya intigiro ndi nambala imene imawonjezeredwa kumapeto kwa yankho la intigiro iliyonse yopanda malire, ndipo kawirikawiri imalembedwa ndi chilembo C. Imapezeka m'nthambi ya masamu yotchedwa kalikulasi, imene imafotokoza za zinthu zosintha monga liwiro la sitima, kukwera ndi kutsika kwa madzi a m'nyanja, kapena kuzizira kwa chinthu chotentha. Ngati F(x) ndi fankishoni imene derivativu yake ndi f(x), yankho lathunthu limalembedwa motere:

∫ f(x) dx = F(x) + C

Nambalayi ndi yofunika chifukwa derivativu imangonena mmene chinthu chikusinthira, koma sinena pamene chinthucho chinayambira. Wodziwa liwiro la sitima angathe kuwerengera mtunda umene yayenda, koma sangadziwe pamene ili ngati sanauzidwe pamene inali poyamba. Chilembo C chimasunga malo a mfundo yosowayo mpaka itapezeka. Kuiwala C n'chimodzimodzi ndi kunena kuti C ndi ziro popanda umboni uliwonse, ndipo nthawi zambiri zimenezi zimabweretsa yankho lolakwika.

## Kumene nambalayi imachokera

Derivativu ya fankishoni imatiuza kufulumira kwa kusintha kwa fankishoniyo. Derivativu ya x² ndi 2x. Koma derivativu ya x² + 5 ndi 2x yomweyo, ndipo ya x² − 100 nayonso ndi 2x. Izi zili choncho chifukwa 5 ndi 100 ndi manambala osasintha: x ikakula kapena kuchepa, iwo amakhala mmene alili, choncho derivativu yawo ndi ziro. Popeza derivativu, nambala yoima payokha imafufutika osasiya chizindikiro chilichonse.

Intigiro yopanda malire ndi ulendo wobwerera. Munthu amapatsidwa 2x n'kufunsidwa kuti, ndi fankishoni iti imene derivativu yake ndi imeneyi? Yankho silingakhale limodzi, chifukwa x², x² + 5 ndi x² − 100 onse akukwanira. Palibe njira yoyang'anira 2x n'kudziwa nambala imene inafufutika. N'chifukwa chake yankho loona ndi ili:

∫ 2x dx = x² + C

Apa C ikuimira nambala ina iliyonse, yaikulu kapena yaing'ono, ya pamwamba pa ziro kapena ya pansi pake. Yankholi ndi banja lonse la mafankishoni. Akajambulidwa papepala, magirafu awo amakhala ofanana maonekedwe ndendende, kungoti ina yakwezedwa m'mwamba, ina yatsitsidwa. Pa x iliyonse, magirafu onsewo amapendekeka mofanana ndipo sakumana paliponse.

## Chifukwa chake C imodzi imakwanira

Funso lotsatira ndi lakuti, kodi pangakhale fankishoni ina yosiyaniratu maonekedwe ndi x², imenenso derivativu yake ndi 2x? Yankho ndi lakuti ayi, ndipo umboni wake umachokera ku lamulo la avereji, limene limadziwika ndi dzina la katswiri wa masamu Joseph-Louis Lagrange.

Lamuloli limamveka msanga poganizira ulendo. Ngati sitima yayenda makilomita 60 m'maola awiri, liwiro lake la avereji ndi makilomita 30 pa ola, ndipo payenera kuti panali kamphindi kena pa ulendowo pamene inkathamanga makilomita 30 pa ola ndendende. Kutembenuza mfundoyi kumapereka zimene tikufuna: ngati liwiro linali ziro nthawi yonse, avereji nayonso ndi ziro, ndipo sitimayo sinasunthe. M'chinenero cha masamu, fankishoni imene derivativu yake ndi ziro pa chigawo chonse chosaduka ndi nambala yosasintha pa chigawocho.

Tsopano titenge mafankishoni awiri, F ndi G, amene derivativu yawo ndi imodzi. Derivativu ya F − G ndi ziro paliponse, choncho F − G ndi nambala yosasintha. Ndiye kuti F = G + C. Mayankho onse a intigiro amasiyana ndi nambala yokha basi, ndipo kulemba C imodzi kumawakwaniritsa onse. Mawu akuti "chigawo chosaduka" ali ndi ntchito yake, monga gawo lina m'munsimu likusonyezera.

## Chitsanzo cha sitima ya Nkaya ndi Nayuchi

Njanji yochokera pa Nkaya m'boma la Balaka imaoloka mtsinje wa Shire pa Liwonde n'kudutsa m'boma la Machinga mpaka ku Nayuchi, m'malire a dziko la Malawi ndi Mozambique, kumene imapitirira kukafika ku doko la Nacala. Inatsegulidwa m'chaka cha 1970 ndipo ndi yotalika makilomita 101. Manambala a liwiro ndi nthawi amene ali m'chitsanzochi ndi ongoyerekeza.

Tiyerekeze kuti mtunda s ukuwerengedwa m'makilomita kuchokera pa Nkaya, ndipo nthawi t ikuwerengedwa m'maola. Sitima ikupita ku Nayuchi pa liwiro losasintha la makilomita 40 pa ola. Liwiro ndi derivativu ya mtunda, choncho mtunda ndi intigiro ya liwiro:

s(t) = ∫ 40 dt = 40t + C

Kuti C ipezeke pamafunika mfundo imodzi yochokera kunja kwa liwiro, yonena pamene sitima inali pa nthawi ina yodziwika. Mfundo yotere imatchedwa mfundo yoyambira. Tinene kuti wotchi inayamba kuwerenga sitima ili pa makilomita 30 kuchokera pa Nkaya. Ndiye kuti s(0) = 30. Kuika t = 0 m'yankho kumapereka 40 × 0 + C = 30, choncho C = 30, ndipo:

s(t) = 40t + 30

Patatha ola limodzi ndi theka, sitima ili pa 40 × 1.5 + 30 = 90. Kwatsala makilomita 11 kuti ifike ku Nayuchi, ulendo wa mphindi pafupifupi 17.

Wophunzira woiwala C amalemba s(t) = 40t, napeza makilomita 60. Kwa iye kwatsala makilomita 41, ulendo woposa ola limodzi. Cholakwa chake ndi makilomita 30, ndipo chimakhala 30 yemweyo pa nthawi ina iliyonse, chifukwa mosadziwa wanena kuti wotchi inayamba sitima ikadali pa Nkaya. Nambala 60 payokha si yabodza: ndi mtunda umene sitima yayenda kuchokera pamene wotchi inayamba. Koma funso linali lakuti sitima ili pati, ndipo mafunso awiriwa amasiyana ndi C.

Chitsanzochi chikusonyezanso kuti C imadalira malo amene asankhidwa kukhala ziro. Munthu wowerenga mtunda kuchokera pa siteshoni ina, osati pa Nkaya, angapeze C yosiyana ngakhale sitima ndi liwiro zili zomwezo.

## Intigiro ziwiri, manambala awiri

Cholakwa chimakula kwambiri pamene intigiro ikuchitika kawiri motsatizana, monga powerengera mtunda umene sitima imayenda isanaime. Sitima ya katundu ndi yolemera ndipo siima nthawi yomweyo mabuleki akagwidwa.

Tiyerekeze kuti sitima ikuyandikira siteshoni ya Liwonde pa liwiro la mamita 15 pa sekondi, amene ndi makilomita 54 pa ola. Woyendetsa akugwira mabuleki kutatsala mamita 500 kuti afike poimira, ndipo liwiro likutsika ndi mamita 0.25 pa sekondi, sekondi iliyonse. Poimirapo tikupatenga ngati ziro, choncho sitima ikuyambira pa −500. Kusintha kwa liwiro ndi a = −0.25. Intigiro yoyamba imapereka liwiro:

v(t) = −0.25t + C₁

Pa t = 0 liwiro ndi 15, choncho C₁ = 15. Sitima imaima pamene v = 0, kutanthauza 0.25t = 15, ndipo t ndi masekondi 60. Intigiro yachiwiri imapereka malo:

s(t) = ∫ (−0.25t + 15) dt = −0.125t² + 15t + C₂

Pa t = 0 sitima ili pa −500, choncho C₂ = −500. Pa masekondi 60:

s(60) = −450 + 900 − 500 = −50

Sitima yayenda mamita 450 ndipo yaima kutatsala mamita 50 kuti ifike poimira.

Amene waiwala manambala onse awiri amapeza v = −0.25t ndi s = −0.125t². Malinga ndi yankho lake, sitima inali itaima pa siteshoni pamene mabuleki ankagwidwa, kenaka inayamba kubwerera chambuyo, ndipo patatha mphindi imodzi ikuthamangira ku Nkaya pa makilomita 54 pa ola. Mabuleki sangachite zimenezo, ndipo yankho lotere likuonetsa lokha kuti china chake chasowa.

Pali cholakwa china chobisika kwambiri. Wophunzira amaiwala C₁ pa intigiro yoyamba, n'kukumbukira kumapeto kuti pamafunika nambala, nalemba s = −0.125t² + C. Ndi C = −500 malo oyambira amakhala olondola, ndipo yankho limaoneka ngati labwino. Koma C₁ sinangokhala nambala: italowa mu intigiro yachiwiri inasanduka 15t, gawo limene limakula ndi nthawi. Pa sekondi yoyamba cholakwa ndi mamita 15, pa masekondi 60 ndi mamita 900. Palibe nambala yowonjezera kumapeto imene ingabwezere gawo lotayikalo. Lamulo lake ndi lakuti intigiro iliyonse imabala nambala yakeyake, ndipo nambalayo iyenera kulembedwa nthawi yomweyo, ntchito isanapitirire. Intigiro ziwiri zimafuna mfundo zoyambira ziwiri, pano liwiro loyambira ndi malo oyambira.

## Pamene C imafufutika: madzi a pa Liwonde

Intigiro ya malire, imene imawerengedwa kuchokera pa a kufika pa b, siilembedwa ndi C. Chifukwa chake n'chakuti C imachotsana yokha:

[F(b) + C] − [F(a) + C] = F(b) − F(a)

Intigiro yotere imayankha funso lakuti chinthu chasintha ndi zingati, ndipo kusintha sikudalira poyambira. Apa m'pamene ophunzira ambiri amatengera chizolowezi choiwala C: amaona kuti pa mafunso ena kuisiya sikuwononga kanthu, n'kuganiza kuti ndi yongokongoletsa.

Kusiyana kwa mafunso awiriwa kumaoneka bwino pa Kamuzu Barrage, chotchinga madzi chimene chinamangidwa pa mtsinje wa Shire ku Liwonde m'chaka cha 1965. Zitseko zake zimachepetsa kapena kuwonjezera madzi opita kumunsi, kumene kuli malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Shire ndiwo mtsinje wokhawo umene umatulutsa madzi m'nyanja ya Malawi, ndipo nyanjayi ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 29,600.

Tiyerekeze kuti madzi akutuluka pa makyubiki mita 300 pa sekondi kwa masiku 30. Tsiku lili ndi masekondi 86,400, choncho madzi onse otuluka ndi:

300 × 86,400 × 30 = 777,600,000

Makyubiki mita amenewa akagawidwa pa nkhope yonse ya nyanja, amatsitsa madzi ndi masentimita pafupifupi 2.6. Iyi ndi intigiro ya malire, ndipo C sinafunike. Powerengera zenizeni pamawonjezeredwanso mvula, mitsinje yothira m'nyanja, ndi madzi ouluka ngati nthunzi, amene ndi ochuluka kuposa otuluka mu Shire. Koma ngakhale zonsezi zitayezedwa popanda cholakwa, zimangopereka kusintha kokha.

Funso la wotsegula zitseko ndi lina: kodi kumapeto kwa mwezi madzi adzakhala pa mlingo wanji? Mlingo h, m'masentimita, patatha masiku t ndi:

h(t) = −0.088t + C

Apa C ndi mlingo wa madzi pa tsiku loyamba, ndipo sungapezeke ndi masamu okha. Munthu ayenera kupita kukawerenga pa ndodo yoyezera madzi. Mlingo wa nyanja ya Malawi umakhala pafupifupi mamita 474 pamwamba pa nyanja yamchere. Woiwala C angapeze kuti h = −2.6, ngati kuti nyanja ya Malawi ili pansi pa mlingo wa nyanja yamchere. Komanso tanthauzo la masentimita 2.6 limadalira C. Nyanja ikadzaza, kutsika koteroko n'kochepa. Nyanja ikakhala yotsika kale, sentimita iliyonse imayandikizitsa madzi ku mlingo umene sangathenso kutuluka. Zimenezi zinachitikapo: kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1935, nyanja inatsika kwambiri moti madzi anasiya kutuluka kulowa mu Shire.

## Pamene C imasanduka yochulukitsa

M'maikweshoni a derivativu, momwe chosadziwika ndi fankishoni yonse, C nthawi zambiri siikhala kumapeto ngati nambala yowonjezera. Lamulo la Isaac Newton la kuzizira limati chinthu chotentha chimazizira mofulumira molingana ndi kusiyana kwa kutentha kwake ndi kwa mpweya wochizungulira.

Tiyerekeze kapu ya tiyi ya madigiri 90 masana otentha ku Balaka, mpweya uli pa madigiri 30. Kusiyanako tikutche y, choncho poyamba y = 60. Titenge nambala yoyerekeza ya kuzizira kukhala 0.05 pa mphindi:

dy/dt = −0.05y

Kusonkhanitsa za y mbali imodzi ndi za t mbali ina, n'kupeza intigiro ya mbali zonse ziwiri, kumapereka:

ln y = −0.05t + C

Mbali iliyonse inabala nambala yake, koma ziwirizo zaphatikizidwa kukhala C imodzi, popeza nambala yosasintha kuchotsa inzake ndi nambala yosasinthanso. Pochotsa ln, C imalowa mu mphamvu ya e n'kutuluka ngati yochulukitsa:

y = e^(−0.05t + C) = A·e^(−0.05t), pamene A = e^C

Pa t = 0, y = A, choncho A = 60. Patatha mphindi 20, y = 60 × e^(−1), pafupifupi 22. Tiyi ali pa madigiri 30 + 22 = 52.

Woiwala C amapeza y = e^(−0.05t), zimene zikufanana ndi kunena kuti A = 1. Tiyi wake wayamba pa madigiri 31 m'malo mwa 90. Wokumbukira mochedwa amalemba y = e^(−0.05t) + C, napeza C = 59 kuti poyambira pakhale 60. Patatha mphindi 20 tiyi wake ali pa madigiri 89.4, ndipo ngakhale atadikira sabata yathunthu sangatsike kupitirira 89. Kuyesa yankholi mu ikweshoni yoyamba kumaonetsa vuto: derivativu yake ndi −0.05e^(−0.05t), pamene −0.05y ili ndi gawo lowonjezera la −0.05C. Mbali ziwirizi zimafanana pokhapokha C ikakhala ziro. Choncho kulemba C pamalo olakwika n'koipa chimodzimodzi ndi kusailemba.

## Mayankho ooneka osiyana

Nthawi zina ophunzira awiri amapeza mayankho osiyana pa intigiro imodzi, onse ali olondola. Chitsanzo chodziwika ndi ∫ 2 sin x cos x dx. Woyamba aika u = sin x napeza sin²x. Wachiwiri aika u = cos x napeza −cos²x. Wachitatu akumbukira kuti 2 sin x cos x = sin 2x napeza −½ cos 2x.

Popanda C, munthu anganene kuti sin²x = −cos²x, popeza onse ndi mayankho a funso limodzi. Zikanatero, sin²x + cos²x ikanakhala ziro. Koma n'zodziwika kuti sin²x + cos²x = 1, ndipo mapeto ake akanakhala akuti 0 = 1. Cholakwa chili pa kufananitsa mafankishoni awiri a m'banja limodzi ngati kuti ndi fankishoni imodzi. Zoona zake n'zakuti yankho loyamba limaposa lachiwiri ndi 1, ndipo limaposa lachitatu ndi ½. Kusiyana konseku ndi manambala osasintha, amene C imawameza. Njira yodziwira ngati mayankho awiri akugwirizana ndiyo kuchotsa lina ku linzake: zotsala zikakhala nambala yopanda x, onse ndi olondola.

Mfundoyi imathandizanso pogwiritsa ntchito mapulogalamu a masamu a pakompyuta, chifukwa ambiri mwa iwo salemba C. Mwachitsanzo, SymPy, imene imagwira ntchito m'chinenero cha Python:

```
>>> from sympy import symbols, integrate
>>> x = symbols('x')
>>> integrate(2*x, x)
x**2
```

Pulogalamuyi yapereka fankishoni imodzi yokha ya m'banjamo. Kuwonjezera C ndi kuipeza kuchokera ku mfundo yoyambira ndi ntchito ya munthu wogwiritsa ntchitoyo.

## Pamene C imodzi siikwanira

Umboni wakuti mayankho onse amasiyana ndi nambala imodzi umagwira ntchito pa chigawo chosaduka chokha. Fankishoni 1/x ilibe tanthauzo pa x = 0, choncho dera lake lagawika pawiri: manambala a pamwamba pa ziro ndi a pansi pa ziro. Mabuku ambiri amalemba:

∫ (1/x) dx = ln|x| + C

Yankholi ndi loona pa mbali iliyonse payokha, koma palibe chokakamiza kuti C ikhale imodzimodzi mbali zonse ziwiri. Fankishoni imene ili ln x + 3 kumanja kwa ziro, ndi ln(−x) − 7 kumanzere, derivativu yake ndi 1/x paliponse pamene ili ndi tanthauzo. Lamulo la avereji silingalumphe mpata wa pa ziro kuti lilumikize mbali ziwirizo. Yankho lathunthu lili ndi C₁ mbali imodzi ndi C₂ mbali inayo, ndipo mfundo yoyambira yoperekedwa pa x = 1 sinena kanthu za zochitika pa x = −1. Zomwezi zimachitika ndi 1/x² komanso tan x, imene imaduka malo ambirimbiri. M'mafunso ambiri a sayansi vutoli silioneka chifukwa x imaimira chinthu monga nthawi kapena kulemera, chimene chimakhala mbali imodzi yokha ya ziro.

## Kuzindikira kuti C yaiwalika

Njira yozolowereka yoyesera intigiro ndiyo kupeza derivativu ya yankho n'kuona ngati ikubwezera funso. Njirayi imagwira zolakwa zambiri, koma siingagwire C yoiwalika, chifukwa derivativu imafufuta C ngakhale ikhalepo. Pamafunika mayeso ena.

Oyamba ndi kuika nthawi yoyambira m'yankho. Ngati s(0) ikutuluka ziro pamene funso linati sitima inali pa makilomita 30, kapena tiyi akuyamba pa madigiri 31 m'malo mwa 90, nambala yatayika penapake.

Achiwiri ndi kuwerenga mfundo zimene funso lapereka. Funso likapereka liwiro loyambira ndi malo oyambira, koma ntchito yatha popanda kugwiritsa ntchito imodzi mwa izo, ndiye kuti intigiro ina inachitika popanda nambala yake. Kuchuluka kwa manambala osasintha kuyenera kufanana ndi kuchuluka kwa intigiro zimene zachitika.

Achitatu ndi kufunsa ngati yankho lingachitike m'moyo weniweni. Sitima yobwerera chambuyo chifukwa cha mabuleki, nyanja ya Malawi yokhala pansi pa nyanja yamchere, ndi tiyi wosazizira, zonsezi ndi zizindikiro za C yosowa kapena yoikidwa pamalo olakwika.

Miyeso nayonso imathandiza. C imakhala ndi muyeso wofanana ndi wa yankho lonse. M'chitsanzo cha mabuleki, C₁ ili m'mamita pa sekondi chifukwa ndi liwiro, pamene C₂ ili m'mamita chifukwa ndi malo. Manambala awiri a miyeso yosiyana sangaphatikizidwe kukhala C imodzi.

Pomaliza, C siikhala yofanana ndi mlingo woyambira nthawi zonse. Zimatero pokhapokha F(0) ikakhala ziro, monga 40t. Ngati liwiro la chinthu ndi sin t, malo ake ndi −cos t + C, ndipo pa t = 0 zimapereka −1 + C. Chinthu choyambira pa ziro chimafuna C = 1, osati C = 0. Choncho ngakhale funso litati chinthu chinayambira pa ziro, C iyenera kulembedwa ndi kuwerengedwa.

## Mbiri

Kalikulasi inakhazikitsidwa ndi anthu awiri, aliyense payekha: Isaac Newton ku England cha m'ma 1665 ndi 1666, ndi Gottfried Wilhelm Leibniz wa ku Germany zaka pafupifupi khumi pambuyo pake. Chizindikiro ∫ anachiyambitsa ndi Leibniz, amene anachilemba koyamba m'zolemba zake za pa 29 Okutobala 1675 n'kuchisindikiza m'chaka cha 1686. Ndi chilembo S chotalikitsidwa, choimira mawu a Chilatini otanthauza kuphatikiza. Akatswiri oyambirirawo ankadziwa kale kuti nambala yoima payokha imasowa popeza derivativu, ndipo ankaibwezera pothetsa mafunso a kayendedwe ka zinthu. Umboni wolongosoka wakuti mayankho onse amasiyana ndi nambala yokha unadza pambuyo, kudzera m'lamulo la avereji, limene Lagrange analilemba m'buku lake la 1797 ndipo Augustin-Louis Cauchy analiika pa maziko olimba m'maphunziro ake amene anasindikizidwa m'chaka cha 1823.